Nyumba ya mwini saotchera mbewa

Abale anga a ku Mufakose, a ku Mabvuku ndi Tafara, a ku Dzivarasekwa, Highfield ndi Mbare, inu zidzukulu za makolo amene adatsika kuchokera ku Dedza, ku Ntcheu, ku Mangochi ndi ku Tete kudzafuna ntchito mu Harare muno, sendezani mipando pafupi. Nkhani ya lero ndi yolemera, ndipo ndikufuna tiyiyende pang'onopang'ono.

Tonse tikulidziwa tsiku lija tikamachokera ku manda, kaya ku Mbudzi kaya ku Warren Hills. Timasamba m'manja pa geti, amayi amagawa nsima, nyimbo zimayamba kuzilala. Ndiye mukayang'anitsitsa mumaona maso a anthu atasiya kuyang'ana pansi. Wina akuyang'ana galimoto yaima pakhonde. Wina akufunsa mwakachetechete kuti makiyi a kuchipinda ali ndi yani. Wina wayamba kale kuwerenga zitseko za maloja kuseri kwa nyumba. Maliro atha, koma ntchito ina yangoyamba kumene, ndipo ntchito imeneyi yapasula mabanja ambiri kuposa imfa yeniyeniyo. Ndi ntchito yoyendetsa chuma cha masiye.

Ndidaisenzapo ntchito imeneyi pamene msuweni wanga adatisiya, ndipo zimene ndidaphunzira ndi zimene ndikufuna kukusiyirani. Mutu wake ndi umodzi. Munthu amene wasankhidwa kuyendetsa chuma cha malemu, amene m'maofesi amamutcha ekisekyuta, si mwini chuma. Ndi wosunga chabe. Walowa m'nyumba ya eni, ndipo akuluakulu adati nyumba ya mwini saotchera mbewa. Ntchito yake ili ndi masitepe atatu amene sasinthanitsidwa. Ayambe wawerenga zonse zimene malemu adasiya, kenako alipire ngongole, ndipo pomaliza agawe zotsala. Mavuto onse amene ndawaona m'makomboni athu adabwera chifukwa anthu adayambira kumapeto.

Tisanafike pa masitepewo, timve kaye kumene mphamvu ya munthuyu imachokera. Sichokera ku ukulu wa zaka, kapena ku umalume, kapena ku mawu okweza pa siwa. Lamulo la Zimbabwe loyendetsera chuma cha anthu omwalira limati imfa ikachitika, achibale akadziwitse ofesi ya Masitala wa Khoti Lalikulu pasanathe masiku 14. Amapita ndi chikalata cha imfa, zitupa, chikalata cha ukwati ngati chilipo, makalata a kubadwa a ana, ndi wilo ngati malemu adalemba. Ofesiyo imatsekula failo ndi kuipatsa nambala yake. Ngati wilo ilipo ndipo idatchula munthu woyendetsa chuma, kawirikawiri ndi yemweyo amene amapatsidwa udindo. Ngati palibe, Masitala amaitanitsa msonkhano wa banja, mkazi kapena mwamuna wamasiye, ana ndi achibale apafupi, kuti agwirizane pa dzina limodzi. Wosankhidwayo amalandira kalata ya ulamuliro, ndipo angauzidwenso kupereka chikole chotsimikiza kuti sasakaza za eni. Kalata imeneyi isanatuluke, palibe amene ali ndi chilolezo chogulitsa, kugawa kapena kusamutsa katundu. Chololedwa ndi kusunga basi.

Pamsonkhano umenewu pitani mutagwirizana kale kunyumba. Mukakayamba kulozana zala pamaso pa Masitala, iye ali ndi mphamvu yosankha munthu wakunja wodziwa ntchitoyi, loya kapena wowerengera ndalama, ndipo malipiro ake adzatuluka m'chuma chomwecho chimene mukukanganirana. Pali nthawi zina pamene mlendo wotere ndiye mankhwala, makamaka pamene mitala yasiya mabala akuya. Koma banja la nyumba imodzi ndi kagalimoto kamodzi liyambe laganiza bwino, chifukwa mkangano wa ola limodzi ungadye gawo la mwana wamasiye. Mutu umodzi susenza denga. Khalani pansi usiku wake, aitaneni a kuchimuna ndi a kuchikazi, ndipo musankhe munthu amene sakwiya msanga, amene amasunga malisiti, ndiponso amene angathe kuuza m'bale wake weniweni kuti ayi.

Tsopano sitepe yoyamba, kuwerenga. Anzathu Achishona ali ndi mwambo wogawa zovala za malemu maliro akangotha, ndipo ife amene tidakulira pakati pawo tidautengera, kuphatikiza pa miyambo yathu ya kumeta ndi kusudzula. Palibe choipa pogawana malaya, nsapato ndi zipewa kuti aliyense akhale ndi chokumbukira. Ngakhale lamulo limavomereza kuti wolowa dzina pachikhalidwe atenge dzinalo, ndodo ya malemu ndi zipangizo zina za mwambo. Choipa chimabwera pamene firiji, makina osokera, galimoto ndi khadi la ku banki zalowa mu mulu wa zovala. Zimenezo si zovala, ndi chuma, ndipo zimayenera kulembedwa pa mndandanda wopita kwa Masitala.

Ine ndidagula kope la sukulu la masamba 96. Ndidakhala pa mpando m'chipinda chochezera, mlamu wanga wamasiye ali apo, mwana wamkulu ali apo, mlongo wa malemu ali apo, ndipo tidayenda chipinda ndi chipinda. Chilichonse ndidalemba dzina lake, mmene chilili, ndi mtengo umene chingagulidwe lero, osati umene chidagulidwa chili chatsopano. Tidatsekula sutikesi yachitsulo imene inali pansi pa bedi. Mmenemo mudatuluka khadi la nyumba la khonsolo lachikasu ndi ukalamba, buku la galimoto, kabuku ka bungwe la maliro, ndi kapepala kolembedwa pamanja kosonyeza kuti mnzake wina wa ku ntchito adabwereka madola 300. Aliyense amene analipo adasaina pansi pa tsamba lililonse. Patapita miyezi, wina atayamba kunong'ona kuti panali jenereta imene yasowa, sindidayankhe ndi pakamwa. Ndidangotsekula kope lija.

Pali zinthu ziwiri zimene anthu amalakwitsa powerenga. Choyamba, amaiwala kuti ngongole zimene ena adatenga kwa malemu nazonso ndi chuma, ndipo woyendetsa ayenera kuzilondola. Chachiwiri, amalemba ndi katundu amene si wa malemu. Ngati mayi wamasiye adagula yekha makina osokera ndi ndalama za geni yake ya ku Mbare Musika, makinawo ndi ake, salowa m'chuma cha mwamuna wake. Ngati nyumba idalembedwa m'maina a onse awiri, cholowa m'chuma cha masiye ndi theka lokha. Safunsa adadya phula. Funsani kuti ichi adagula ndani, pepala lake lili kuti, musanalembe.

Nyumba ndiyo imafuna kudekha kwambiri. Nyumba zambiri za m'makomboni muno zidali za khonsolo, ndipo makolo athu adayamba kuzigula pang'onopang'ono dziko litalandira ufulu mu 1980. Ambiri adamaliza kulipira koma sadatenge chikalata cha umwini, moti mpaka lero dzina lawo lili m'mabuku a khonsolo okha. Nyumba yotere imasinthidwa dzina ku ofesi ya nyumba ya khonsolo, pamene ya chikalata cha umwini imadutsa kwa loya ndi ku ofesi yolembetsa malo. Woyendetsa apite yekha akaone kuti m'failo mwalembedwa dzina la yani. Ndaonapo banja limene lidakhala zaka zambiri likuyesa kuti nyumba ndi ya bambo awo, koma m'mabuku munali mudakali dzina la agogo amene adamwalira kalekale osalembetsedwa kwa Masitala. Pamenepo pamafunika kutsekula failo ya agogo kaye, kupeza ana awo onse, amoyo ndi omwalira, kenako failo ya bambo. Ntchito ya miyezi imasanduka ya zaka. Zengerezu adalinda kwawukwawu.

Ife a mtundu wathu tili ndi msampha winanso, wa maina. Agogo adalembedwa dzina lina pa chitupa cha ku ntchito, lina ku khonsolo, lina ku tchalitchi kapena ku mzikiti. Kalaliki wina adalemba Phiri, wina adalemba dzina la bambo awo ngati mfunda, wina adapotoza kalembedwe kuti kamveke Chishona. Ofesi imawerenga zilembo, siwerenga nkhope. Ngati maina akusiyana, konzekerani kukalumbira pa pepala pamodzi ndi mboni zimene zidamudziwa munthuyo, ndipo chitani zimenezi okalamba amene angachitire umboni adakali moyo.

Titamaliza kuwerenga, chuma cha msuweni wanga chidaima motere, m'madola a ku Amereka, ndipo manambala ndawazungulitsa kuti asavute kutsata. Nyumba ya ku Mufakose, ya zipinda zinayi zoyambirira ndi zitatu zoonjezera, wodziwa mitengo ya nyumba adaiyika pa 25,000. Galimoto 4,000. Ku banki kunali 1,200. Katundu wa m'nyumba 1,500. Ngongole ya mnzake ija 300. Zonse pamodzi 32,000. Nambala imeneyi itamveka m'banja, nkhope zidawala. Ana anayi, atatu a m'nyumba ndi mmodzi amene malemu adabereka kunja, aliyense adayamba kugawa mumtima mwake. Mchimwene wa malemu adabwera kwa ine madzulo ena nati, "Asuweni, galimoto ija ndiitenge ine, ndizithandizira ana a m'bale wanga. Ikungoola pakhondepo." Sankanama, ndipo sanali munthu woipa. Ndidamuuza kuti, "Achimwene, dikirani tione kaye amene akubwera kudzagogoda." Adachoka wokhumudwa, ndipo kwa miyezi iwiri moni wake unali wa pakamwa pokha.

Apa ndiye pa sitepe yachiwiri, imene anthu amafuna kuidumpha. Munthu amamwalira, koma ngongole yake simwalira naye. Mlandu suola. Lamulo limati woyendetsa chuma alengeze mu Gazeti ya boma ndi m'nyuzipepala kuti onse amene malemu anali nawo ngongole abweretse madandaulo awo, ndipo awapatse nthawi yosachepera masiku 30. Chilengezo chimenechi anthu amachiona ngati kutaya ndalama, koma ndicho chishango cha woyendetsa. Akagawa chuma nthawi imeneyi isanathe, kenako n'kutulukira wangongole woona, iye mwini angalipire kuchokera m'thumba lake. Madzi akatayika saoleka. Galimoto ikapita ku Chitungwiza ndipo ndalama zikadyedwa, simudzazibweza ndi pempho.

Ogogoda adabweradi. Ku khonsolo kunali ngongole ya madzi ndi mareti ya 900, imene malemu adaisiya ikukwera nthawi imene ankadwala, ndipo popanda kuilipira dzina la nyumba silikadasinthidwa. Kuchipatala kudatsala 600. Mlongo wa malemu adaonjezera 700 pa zimene bungwe la maliro lidapereka, ndipo malisiti a bokosi ndi basi adawasunga m'chikwama chake. Ndalama za maliro zoyenerera zimabwezedwa patsogolo pa ngongole wamba, choncho iye adali pamzere woyamba. Mkulu wina wa mpingo adabwera ndi pepala la 400 lokhala ndi siginecha ya malemu, ndipo mlamu wanga adaivomereza kuti ankaidziwa. Kulengeza m'nyuzipepala ndi kuyesa mtengo wa nyumba kudadya 220. Pamwamba pa zonsezi panali msonkho wa ofesi ya Masitala, umene kwa zaka zambiri wakhala madola 4 pa 100 aliwonse a chuma chonse chisanachotsedwe ngongole. Pa 32,000 ndiye 1,280. Zonse pamodzi zidakwana 4,100.

Adabweranso wina amene ndidamubweza. Adati malemu adamubwereka 1,000 pa malo ena omwera, popanda pepala, popanda mboni, ndipo mkazi wa malemu sadamvepo za iye. Ndidamulandira mwaulemu, ndidamupatsa mpando, ndipo ndidamuuza kuti alembe dandaulo lake ndi kulumbira, abweretse umboni uliwonse umene ali nawo, ndipo ngati sakhutira ndi yankho langa khoti lilipo. Sadabwerenso. Sindikunena kuti adanama, chifukwa mitima ya anthu siioneka. Ndikunena kuti woyendetsa alibe ufulu wochita chifundo ndi ndalama za ana amasiye. Wangongole woona mumulipire ngakhale banja likudandaula, ndipo wopanda umboni mumukanize ngakhale ndi mnzanu wa pa mtima.

Tsopano taonani chimene galimoto ija idachita. Ndalama zogwirika zinali 1,200 za ku banki ndi 300 zimene mnzake uja adabweza mokhulupirika, pamodzi 1,500. Ngongole zinali 4,100. Kusiyana kwake 2,600, ndipo m'banjamo munalibe munthu amene akadatulutsa ndalama zotere. Galimoto ikadapita ndi achimwene tsiku lija, chotsala chogulitsa chikadakhala nyumba, ndipo mayi ndi ana akadakhala maloja m'komboni momwe adabadwira. Ndidalembera Masitala kupempha chilolezo chogulitsa galimotoyo kwa wogula amene tidamupeza, pakuti katundu wa masiye sagulitsidwa mwamseri popanda chilolezo cha ofesiyo. Chilolezo chitabwera idagulidwa pa 4,000, ndipo ndalamazo zidalowa mu akaunti ya chuma cha malemu, osati m'thumba langa kapena pa foni yanga. Pamenepo tinali ndi 5,500. Titalipira 4,100, zidatsala 1,400.

Ndikufuna muime pa nambala imeneyi, chifukwa ndi pamene mitima imasweka. Chuma chimene chidamveka ngati 32,000 chidasiya 1,400 zogawana m'manja. Amene sadaone kope amati woyendetsa waba. N'chifukwa chake lendi ya maloja, madola ochepa amene ankalowa mwezi ndi mwezi, ndinkailemba patsamba lakelake pamodzi ndi mabilu a madzi ndi magetsi amene inkalipira, ndipo mwezi uliwonse ndinkawerengera banja lonse mokweza. Ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo udzaupeza. Woyendetsa amene amachita zinthu yekhayekha, ngakhale akhale woyera m'manja, amasiya mlomo m'mbuyo mwake.

Sitepe yachitatu ndi kugawa, ndipo apa mwambo wa makolo athu ndi lamulo la dziko lino zimasiyana njira. Kwathu kwa Achewa mbumba imayenda ndi mayi, ndipo kale chuma cha mwamuna chinkayang'ana kwa abale ake ndi ana a mlongo wake. Kwa anzathu kuno chinkayang'ana kwa mwana wamwamuna woyamba. Njira zonse ziwirizi zidapangidwira moyo wa kumudzi, kumene munda ulipo ndipo wamasiye ali ndi kwawo kobwerera. M'tauni muno nyumba ndi imodzi, ndipo mayi amene adabadwira ku Rugare alibe mudzi wina woti apiteko.

Amene akufuna kudziwa mtengo wa njira yakale akumbukire mlandu wa Magaya, umene udachokera ku Mabvuku konkuno. Venia Magaya anali mwana woyamba wa bambo ake, ndipo khoti laling'ono lidayamba lamupatsa iye udindo wolowa chuma. Achibale adatsutsa, udindowo udapita kwa mlongo wake wamwamuna wa kwa mayi ena, ndipo iye adatulutsidwa m'nyumba. Mu 1999 Khoti Lalikulu Kwambiri lidagamula kuti pa chikhalidwe mwana wamwamuna ndiye amatsogola, pakuti bamboyo adamwalira lamulo latsopano lisanayambe. Chigamulocho chidamveka dziko lonse lapansi, ndipo mayiyo sadabwerere m'nyumba ya bambo ake.

Lamulo latsopanolo lidayamba kugwira ntchito pa 1 Novembala 1997. Limati munthu akamwalira wopanda wilo, mkazi kapena mwamuna wotsala amatenga nyumba imene ankakhalamo pa nthawi ya imfa pamodzi ndi katundu wa m'nyumbamo. Ukwati wa chikhalidwe, ngakhale sudalembetsedwe ku khoti, umawerengedwa pa nkhani imeneyi. Zotsala amagawana wamasiyeyo ndi ana, aakazi ndi aamuna mofanana. Pamene pali mitala, mkazi aliyense amasunga nyumba imene ankakhalamo, ndipo pa chuma chotsala gawo limodzi mwa magawo atatu limapita kwa akazi, wamkulu kulandira magawo awiri pamene ena akulandira limodzi limodzi, ndipo magawo awiri otsalawo amapita kwa ana. Palinso lamulo loteteza banja la malemu, limene limati kulanda katundu kapena kuthamangitsa wamasiye ndi ana m'nyumba ndi mlandu wa kupolisi. Ku Malawi nakonso lamulo la 2011 lidaika mkazi ndi ana patsogolo, choncho wobwera kuchokera kumudzi asanene kuti kwathu sizitero. Ndipo ngati malemu adasiya ng'ombe kapena nyumba ku Malawi, zimenezo zimatsata maofesi ndi malamulo a kumeneko.

Pamene pali wilo, nkhani imasintha. Mu 2020, pa mlandu wa Chigwada, Khoti Lalikulu Kwambiri lidagamula kuti munthu ali ndi ufulu wosiyira chuma chake aliyense amene wafuna, ngakhale kumusiya kunja mkazi kapena mwamuna wake. Wotsala wopanda chodalira angathe kupempha chithandizo kuchokera m'chumacho kudzera mwa Masitala, koma woyendetsa sangasinthe mawu a wilo chifukwa choti sadamukomere. Inu amayi amene mukuthira ndalama zanu pa njerwa ndi malata, onetsetsani kuti dzina lanu lalembedwa pa nyumbayo nonse mudakali moyo. Fodya wako ndi amene ali pamphuno.

Kwa msuweni wanga wilo kunalibe. Nyumba ndi katundu wa m'nyumba zidapita kwa mlamu wanga. Ndalama zija 1,400 zidagawidwa pasanu, mayi ndi ana anayi, aliyense 280. Vuto lidali pa mwana wachinayi. Ana a m'nyumba adati samudziwa, ndipo ndidamvetsa kuwawa kwa mayi awo, amene adamva za mwanayo mochedwa. Koma chikalata chake cha kubadwa chinali ndi dzina la malemu. Malamulo aakulu a dziko a 2013 amaletsa kusala munthu chifukwa adabadwa kunja kwa ukwati, ndipo mu 2015, pa mlandu wa Bhila, Khoti Lalikulu lidatsimikiza kuti ana otere amalandira mofanana ndi anzawo. Ndidawauza kuti kumubisa kwa Masitala n'kunama polumbira, ndipo tsiku limene adzatulukire, ntchito yonse idzaphwasulidwa. Ndidawauzanso zimene lamulo silinena, kuti nkhuyu zodya akulu zisapote mwana. Mwanayo sadasankhe kobadwira. Mlamu wanga adakhala chete nthawi yaitali, kenako adati, "Mulembeni, ndi magazi a bambo awo." Gawo lake, poti anali asanakwane zaka 18, silidapatsidwe m'manja mwa munthu wamba. Lidasungidwa monga Masitala adalamulira.

Ngakhale pamenepa sindidagawe tsiku lomwelo. Woyendetsa amalemba chiwerengero chonse, zolowa, zotuluka ndi dongosolo la kagawidwe, ndipo lamulo limayembekeza kuti achipereke kwa Masitala pasanathe miyezi 6 chilandirire kalata yake, pokhapokha atapempha nthawi yoonjezera. Chiwerengerocho chimalengezedwanso, n'kukhala poyera mu ofesi masiku 21 kuti aliyense wokhudzidwa akachione ndi kutsutsa ngati pali chotsutsa. Masiku amenewa akatha popanda dandaulo, ndipo Masitala akavomereza, ndiye chuma chimatuluka. Aliyense wolandira amasaina kuti walandira. Ine ndidapita ndi mlamu wanga ku ofesi ya nyumba, tidadikira pa benchi kuyambira m'mawa, ndipo dzina lake litalembedwa pa khadi, adaligwira ndi manja awiri osalankhula kanthu. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Ntchito yonse idatitengera chaka ndi miyezi iwiri.

Mungadziwe bwanji kuti woyendetsa wayamba kusokera? Zizindikiro zake sizibisika. Mukamufunsa nambala ya failo amazemba. Wasamukira m'nyumba ya malemu kapena akuyendera galimoto yake. Lendi akulandira yekha ndipo palibe kope. Kukubwera anthu achilendo kudzayendera nyumba ndi kuyeza mpanda. Chaka chatha popanda chilengezo chilichonse m'nyuzipepala. Mukaona zotere musadikire, ndipo musayambe ndi ndewu. Pitani ku ofesi ya Masitala ndi chitupa chanu, pemphani kuona failo, ndipo lembani dandaulo. Woyendetsa wosakhulupirika angathe kuchotsedwa ndi khoti. Ndikudziwa kuti n'zowawa kudandaulira m'bale wako, pakuti khoswe akakhala pa mkhate sapheka. Koma nyumba ikagulitsidwa kwa munthu wachitatu ndipo dzina likasintha, kuibweza ndi nkhondo ya zaka m'makhoti, imene banja la m'komboni silingaikwanitse. Inunso ogula, musapereke ndalama pa nyumba ya masiye musanaone kalata ya ulamuliro ndi chilolezo cha Masitala chogulitsira.

Achimwene aja amene ndidawakaniza galimoto adabwera pa tsiku loika chiliza. Adakhala pafupi nane, ndipo pamene mwana wamkulu ankawerenga chiwerengero chomaliza pamaso pa banja, adamvetsera mpaka kumapeto. Atamva za 2,600 zija adagwedeza mutu, nandigwira pa bondo. Sitidakambenso za galimoto. Chibale ndi fupa, sichiola, koma ndaona kuti chimafuna choonadi cholembedwa kuti chipirire nyengo ngati imeneyi.

Tsono inu amene m'nyumba mwanu mudakali dzina la agogo kapena la bambo amene adagona kalekale, musayembekeze maliro ena. Failo imatsekulidwa ngakhale papita zaka zambiri. Sabata ino tulutsani sutikesi ija pansi pa bedi, sonkhanitsani chikalata cha imfa, zitupa ndi khadi la nyumba, itanani abale anu a ku Joni ndi a kumudzi pa foni, ndipo mupite kwa Masitala okalamba odziwa mbiri ya nyumbayo adakali nafe.